Kuchokera pa Vipya Kufika pa Nyerere: Mbiri ya Chiwerengero cha Anthu M'sitima za Panyanja

Sitima yoyamba ya injini pa nyanja ya Malawi inali Ilala, imene amishoni a Livingstonia adabwera nayo mu 1875. Idafika ili zidutswazidutswa, anthu adazisenza pamutu kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo adakailumikiza kumtunda kwa mathithiwo. Masiku amenewo chitetezo cha wokwera chinali m'maso mwa woyendetsa yekha: iye ndiye ankayang'ana mitambo ndi mphepo n'kunena ngati ulendo ulipo. Maso ena ankaphonya. Mu 1895 Bishopu Chauncy Maples adamira pa nyanjayi bwato lake litagubuduzika ndi namondwe, ndipo sitima imene idayamba kuyenda mu 1901 adaitcha dzina lake.

Malamulo olembedwa adayambira kunyanja zamchere. Mu 1876 dziko la Britain lidalamula kuti sitima zizikhala ndi mzere m'mbali wosonyeza pamene madzi ayenera kulekezera, mzere umene umadziwika ndi dzina la Samuel Plimsoll. Mzerewo ukamira, ndiye kuti katundu wapyola muyezo. Sitima ya Titanic itamira mu 1912, maiko adagwirizana mu 1914 za mabwato opulumutsira anthu ndi zida zina. Koma pangano limeneli lidali la sitima zoyenda pakati pa maiko pa nyanja zamchere. Nyanja za mkati mwa Afirika zidatsala m'manja mwa boma lililonse palokha.

Phunziro la kuno kwathu lidadza pa 30 Julaye 1946. Sitima ya Vipya inali yatsopano, pa ulendo wake wachinayi wokha, pamene idakumana ndi mwera woopsa kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba. Idapendekeka, madzi adalowa, idagubuduzika, ndipo anthu 145 adafa. Sitimayi siidadzaze mopyola muyezo. Ambiri amene adalemba za ngoziyi amaloza kamangidwe kake, kuti inali yolemera kumwamba. Aliyense amene adasanjikizapo matumba a makala panjinga amadziwa zimenezi: matumba atatu omangidwa m'munsi amayenda bwino, koma omwewo ukawaunjika m'mwamba, kamwala kakang'ono kakugwetsa. Sitima ikapendekeka, kulemera kwa pansi ndiko kumaibweza. Kulemerako kukakwera m'mwamba, mphamvu yobwezayo imachepa mpaka kutheratu. Ilala imene tikuidziwa lero, yomangidwa ku Glasgow mu 1949, idayamba ntchito mu 1951 kudzatseka mpata umene Vipya idasiya.

Patapita zaka 50, pa 21 Meyi 1996, sitima ya Bukoba idagubuduzika pa nyanja ya Victoria ikuyandikira mzinda wa Mwanza ku Tanzania. Inkaloledwa kunyamula anthu pafupifupi 430, koma amene adafa adaposa 800. Chiwerengero chenicheni chidavuta kupeza chifukwa okwera m'chipinda cha mtengo wotsika sadalembedwe maina. Sitimayo idayandama chadodolido kwa maola angapo, anthu akugogoda mkati. Ofuna kuwapulumutsa adaboola chitsulo cha kunsi kwake, mpweya umene unkaiyandamitsa udatuluka, ndipo idamira. Ngozi imeneyi idaonetsa kuti kaundula wa okwera si wa ndalama zokha. Popanda kuwerenga anthu pakhomo, malire olembedwa pa chiphaso cha sitima sagwira ntchito.

Ngozi imene imaonetsa bwino m'mene kudzaza kumamizira sitima ndi ya Nyerere, pa 20 Sepitembala 2018, pa nyanja yomweyo ya Victoria. Sitimayi inkayenda pakati pa zilumba za Ukerewe ndi Ukara, ndipo muyezo wake unali anthu 100. Linali tsiku la msika, choncho idanyamula anthu oposa kuwirikiza kawiri muyezowo, pamodzi ndi katundu. Panalibe namondwe, ndipo doko linali likuoneka pafupi. Opulumuka adasimba kuti anthu adakhamukira mbali imodzi pokonzekera kutsika, sitimayo ikukhota mwadzidzidzi. Idagubuduzika pomwepo, ndipo anthu 228 adafa.

Tiyeni tiwerengere. Tikati munthu mmodzi ndi chikwama chake alemera makilogalamu 70, anthu 100 ndi matani 7. Omanga sitima amayesa ngati ingapirire anthu onsewo ataunjikana mbali imodzi, ndipo malire amachokera pa mayeso otere, pamodzi ndi malo okhala ndi kuchuluka kwa zida zopulumutsira. Tsono anthu akakhala 250, ndi matani 17 ndi theka, ndipo zinthu zitatu zimachitika nthawi imodzi. Choyamba, sitima imatsika m'madzi, mpata wa pakati pa madzi ndi mlomo wake n'kuchepa, moti ingopendekeka pang'ono madzi ayamba kulowa. Chachiwiri, osowa pokhala amaimirira kapena kukwera pamwamba, kulemera n'kusamukira m'mwamba monga zidaliri ndi Vipya. Chachitatu, thumba la chimanga limakhala pamene waliika, koma munthu amayenda, ndipo sitima ikapendekeka onse amaterereka kupita kotsikako. Madzi amene alowa nawo amathamangira komweko. N'chifukwa chake sitima yodzaza siimira pang'onopang'ono: imatembenuka anthu asadaimirire n'komwe.

Zizindikiro zake wokwera angathe kuziona. Mzere wa m'mbali ukabisika m'madzi sitima ikadali padoko, katundu wapyola. Sitima yokhazikika bwino ikakankhidwa ndi funde imabwerera msanga. Imene imapendekeka mwaulesi, n'kuima kaye kumbaliko ngati ikuganiza, ena amaiyamikira kuti ikuyenda mofewa, pamene ndiyo yatsala pang'ono kugubuduzika.

Jekete loyandamitsa nalo lili ndi mbiri yake. Loyamba lodziwika bwino lidapangidwa ku Britain mu 1854 ndi makungwa opepuka a mtengo. Pambuyo pake ankaikamo usufu, koma usufu ukanyowa kwa nthawi yaitali kapena kupsinjika umataya mphamvu, ndipo lero majekete ambiri ali ndi siponji youma yosamwa madzi. Jekete labwino limatembenuza munthu chagada kuti pakamwa pakhale pamwamba pa madzi ngakhale atakomoka. Koma liyenera kumangidwa zolimba, apo ayi limavuka kapena kukwera mpaka kumaso munthu akagwera m'madzi, ndipo mwana amafunika lakelake, chifukwa m'jekete la wamkulu amatulukamo. Majekete amawerengedwa potengera chiphaso, choncho sitima ya anthu 100 ikanyamula 250, ambiri alibe. Ndipo lotsekeredwa m'kabati silithandiza pa sitima imene yatembenuka m'kanthawi kochepa. Pa bwato lapululu, nthawi yovala ndi pagombe.

Ku Malawi kuno lamulo la zoyenda pamadzi limafuna kuti sitima ndi mabwato onyamula anthu aziyesedwa ndi kulembetsedwa, ndipo ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa ogwira ntchito m'sitima. Pamene patsalira ndi pa mabwato a matabwa a injini, amene amatumikira midzi ya m'mphepete mwa mapiri a Rumphi ndi Nkhata Bay kumene msewu sufika. Mu Epulo 2017, pa nthawi ya Pasaka, bwato lodzaza ndi anthu lidagubuduzika kufupi ndi Mlowe ndipo anthu adafa. Kumeneko bwato likakusiya, lina silidziwika tsiku lobwera, ndipo woyendetsa amavutika kukana mlamu wake, mbusa wake, kapena mayi wonyamula mwana wodwala. Masamu a kukhazikika kwa sitima adadziwika kalekale. Chimene chikusowabe m'madoko ambiri ndi munthu woima pagombe ndi kaundula m'manja, amene angauze wokwera wa nambala 101 kuti, “Pepani bambo, mudikire ulendo wina,” ndiponso bwato lachiwiri loti bamboyo adikire.