Mutu wa thesisi sulowa m'jenolo pongoudula

Wophunzira akamaliza digiri yachiwiri kapena yachitatu ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, supavaiza wake amamuuza kuti atulutse pepala kuchokera m'buku lake la kafukufuku, lomwe pasukulu amangoti thesisi. Ambiri amamva ngati awuzidwa kuti afupikitse. Amatsegula mutu wachinayi, wa mawu 12,000, n'kuyamba kuchotsa ndime apa ndi apo mpaka ufike pa mawu 5,000 amene jenolo ikufuna. Zotulukapo zimakhala mutu womwewo, wowonda chabe, ndipo mkonzi amaubweza asanautumize n'komwe kwa owunika. Ine ndikuti vuto lenileni si kutalika. Mutu wa thesisi ndi pepala la m'jenolo zimalembedwera anthu osiyana, pa zolinga zosiyana, choncho pepala liyenera kumangidwa mwatsopano kuyambira pa mfundo imodzi. Zili ngati kuphwasula nyumba yaikulu n'kumangira ina yaing'ono ndi njerwa zomwezo: njerwa ndi zakale, koma maziko ndi ena.

Tiyambe ndi owerenga. Thesisi imawerengedwa ndi oyesa awiri kapena atatu amene apatsidwa ntchito yoimaliza yonse, ndipo chimene akufuna kudziwa n'chakuti wophunzirayu anawerenga mokwanira, akuidziwa njira yofufuzira, ndipo ntchito anaigwiradi yekha. N'chifukwa chake thesisi imaonetsa zonse, ngakhale mabuku amene sanathandize kwenikweni ndi matebulo amene sananene chachilendo. Wowerenga jenolo ndi katswiri mnzako, mwina wa ku Nairobi kapena ku Kampala, amene alibe nazo ntchito zoti unakhoza. Funso lake ndi limodzi: kodi pepalali likundiuza chiyani chimene sindinkachidziwa? Akatswiri akamanena za chopereka cha pepala amatanthauza yankho la funso limenelo. Chopereka si nkhani imene unafufuza, komanso si dera limene unapitako. Ndi chiganizo chimene munthu angachivomere kapena kuchitsutsa.

Tiyerekeze thesisi ya wophunzira za ulimi amene anafunsa mabanja 300 m'boma la Ntcheu za kasungidwe ka chimanga. Mutu wachinayi uli ndi matebulo 14 ndipo ukuyankha zolinga zitatu: njira zimene alimi amasungira chimanga, kuchuluka kwa chimene chimaonongeka ndi anankafumbwe, ndi amene amalamula m'banja za nthawi yogulitsa. Pakati pa matebulo amenewa pali imodzi yoonetsa kuti mabanja amene ali ndi matumba osalowa mpweya amagulitsabe chimanga chawo mu Juni ndi Julayi, mtengo uli pansi, chimodzimodzi ndi amene amathira akiteliki m'matumba wamba, ndipo chifukwa chimene ambiri anapereka ndi ngongole ndi fizi ya ana. Pepala lili pamenepo. Kunena kuti "pepalali likufotokoza kasungidwe ka chimanga ku Ntcheu" ndi kutchula nkhani chabe. Kunena kuti "thumba labwino silichedwetsa kugulitsa ngati banja likufuna ndalama msanga" ndi chopereka, pakuti chikutsutsana ndi amene amaganiza kuti alimi amagulitsa mofulumira poopa anankafumbwe. Chiganizo chimenechi chikapezeka, chimakhala muyeso wa china chilichonse. Tebulo yofotokoza mabanja ofunsidwa ikhala, tebulo ya mwezi wogulitsira ikhala, ya zifukwa ikhala, mwinanso imodzi yoonetsa kuti kusiyana kwa kukula kwa minda sikusintha chithunzicho. Matebulo khumi otsalawo, ngakhale anadya miyezi yambiri, atuluka.

Apa pamaonekera chinthu chimene ofupikitsa sachiyembekezera: pepala lochokera m'mutu umodzi limafuna zinthu zimene m'mutumo mulibe. Mutu wachinayi umatsamira pa anzake. Funso lili m'mutu woyamba, zimene ena analemba zili m'wachiwiri, njira zofufuzira zili m'wachitatu. Pepala liyenera kuima palokha, ndipo m'majenolo ambiri a sayansi limatsata magawo anayi: mawu oyamba, njira, zopeza, ndi kukambirana zopezazo. Pa mawu 5,000 aja, munthu angapereke 700 ku mawu oyamba, 1,000 ku njira, 1,300 ku zopeza, 1,500 ku kukambirana, otsalawo n'kupita ku chidule ndi mawu otsiriza. Taonani kuti mutu wa mawu 12,000 wangopeza malo a mawu osakwana 3,000. Kuchotsa ndime imodziimodzi sikungafike pamenepo. Zizindikiro za pepala longodulidwa siziphonyeka: mawu oti "monga taonera m'mutu wachitatu" atatsalira, tebulo yotchedwa 4.11 m'pepala la matebulo anayi, zolinga zitatu zitandandalikidwa pamene zopeza zikuyankha chimodzi, ndi ndime yofotokoza kuti Malawi ali kum'mwera kwa Afirika ndipo chimanga ndicho chakudya chodalirika.

Gawo limene limapweteka kwambiri polidula ndi la zolemba za ena. M'thesisi limatha kukhala masamba makumi atatu, m'pepala limasanduka ndime zitatu kapena zinayi m'kati mwa mawu oyamba. John Swales, amene anasanthula mawu oyamba a mapepala ambiri a kafukufuku, anaonetsa m'buku lake la mu 1990 kuti olemba amachita zinthu zitatu motsatizana: amatchula zimene zikudziwika kale, amaloza mpata umene watsala, kenako amanena mmene pepala lawo likutsekera mpatawo. Mawu oti mpata amasokoneza ambiri. Kunena kuti palibe amene anafufuzapo izi ku Ntcheu si mpata wokwanira, chifukwa pali zinthu zambirimbiri zosafufuzidwa zimene palibe akuzifuna. Mpata weniweni m'chitsanzo chathu ndi wakuti ofufuza ayesa kwambiri mmene matumba osalowa mpweya amatetezera mbewu, koma wolembayo akuona kuti funso loti kodi banja limasungadi nthawi yaitali likakhala nawo silinayankhidwe bwino. Buku lililonse lotchulidwa liyenera kuthandiza kuonetsa mpata umenewu kapena kudzabweranso pokambirana. Limene silichita chimodzi mwa ziwirizi linali la oyesa, ndipo oyesa analiona kale.

Wina anganene kuti kusankha chopeza chimodzi n'kusiya zina ndi chinyengo, ndipo chitsutso chimenechi n'chachikulu, sichiyenera kupeputsidwa. Kulidi khalidwe loipa lotola zotsatira zokoma zokha n'kubisa zimene sizinagwirizane ndi maganizo a wolemba. Koma kusiya ndi kubisa ndi zinthu ziwiri. Chimene sichikhudza funso la pepala chingasiyidwe: tebulo ya mitundu ya nkhokwe ilibe chonena pa mwezi wogulitsira. Chimene chikukhudza funsolo chiyenera kuonetsedwa, makamaka ngati chikulifooketsa. Ngati m'mudzi umodzi mwa midzi yofunsidwa eni matumba aja anasungadi mpaka Disembala, mudzi umenewo ulowe m'pepala, ndipo wolemba anene chimene akuganiza kuti chinasiyanitsa. Muyeso wake ndi wosavuta: wowunika atapatsidwa thesisi yonse, kodi angamve kuti wanamizidwa? Chimodzimodzinso gawo la njira. Pangachotsedwe masamba ofotokoza kuti kafukufuku wa manambala n'chiyani, koma sipangachotsedwe mmene mabanja 300 anasankhidwira, miyezi imene anafunsidwa, angati anakana, funso lenileni limene linafunsidwa, ndi chilolezo cha komiti yoteteza ufulu wa ofunsidwa. Kufupikitsa kukafika pomana wowerenga njira yoyesera ngati zopezazo n'zodalirika, kwapyola malire.

Wina anganenenso kuti, ngati ndi choncho, bwanji osatulutsa pepala pa tebulo iliyonse kuti pasatayike kanthu? Mtima umenewu umamveka, pakuti kukwezedwa pantchito ku yunivesite kumawerenga mapepala. Komabe akonzi amadana ndi kubenthula kafukufuku mmodzi m'tizidutswa tating'onoting'ono, ndipo ali ndi chifukwa: mabanja 300 omwewo akaoneka m'mapepala asanu, wosonkhanitsa umboni angawawerenge ngati mabanja 1,500. Mapepala awiri ochokera m'thesisi imodzi n'ngololeka ngati lililonse lili ndi funso lake. Nkhani ya amene amalamula zogulitsa pakati pa mayi ndi bambo ingaime payokha m'jenolo ina, bola pepala lachiwiri litchule loyamba ndi kunena poyera kuti ofunsidwa ndi omwewo. Za kubwereza mawu ako omwe, majenolo ambiri saona thesisi ngati chinthu chosindikizidwa kale, ngakhale itaikidwa pa intaneti ndi laibulale ya yunivesite. Koma amayesa zolemba ndi mapulogalamu ofufuza kufanana kwa mawu, ndipo ndime zokopedwa ndendende zimaonekera. Njira yoongoka ndi kuuza mkonzi m'kalata yoperekeza pepala kuti ntchitoyi yachokera m'thesisi yakutiyakuti, ndi kuona kaye lamulo la jenoloyo pa nkhaniyi.

Izi zikutifikitsa pa dongosolo la ntchito, limene ambiri amalitembenuza. Jenolo imasankhidwa usanalembe, osati utamaliza. Jenolo iliyonse ili ndi malire a nkhani zimene imalandira, utali umene imalola, ndi owerenga ake. Majenolo a zachipatala, monga Malawi Medical Journal, amakonda mapepala aafupi, pamene a mbiri yakale ndi zolembalemba amalola aatali kwambiri. Zopeza za ku Ntcheu zija zikapita ku jenolo ya zachuma cha ulimi, chotsogola ndi mtengo ndi ngongole. Zikapita ku jenolo ya kasungidwe ka zokolola, chotsogola ndi thumba. Kuwerenga mapepala atatu kapena anayi aposachedwa a jenoloyo, n'kuwerenga ndime za gawo lililonse ndi matebulo ake, kumaphunzitsa zambiri kuposa malangizo olembedwa. Chidule, chomwe kawirikawiri sichipitirira mawu 250, chilembedwe poyamba ngati mayeso: ngati funso, njira, chopeza chachikulu ndi tanthauzo lake zikukana kukwana m'mawu amenewo, pepala likadali ndi mfundo ziwiri. Nkhani ya maina a olemba nayonso ikambidwe msanga. Supavaiza amene anathandiza kukonza kafukufuku, nawerenga ndi kuwongola pepala, n'kuvomera kuyankhapo likafunsidwa, ayenera kulembedwa ngati mlembi mnzake. Amene anangosaina mafomu ayamikidwe kumapeto.

Chimodzi chimene ndingavomere kwa otsutsa n'chakuti si mutu uliwonse uli ndi pepala m'kati mwake. Mitu ina inalembedwa kuti wophunzira aonetse luso, ndipo inagwira ntchito yake bwino. Kuikakamiza kumathera ku majenolo aja olandira chilichonse bola munthu walipira, ndipo dzina likalowa kumeneko silichoka. Choncho inu amene mwatsegula mutu wanu lero, musayambe ndi kudula. Tsekani fayiloyo, mutenge pepala loyera, mulembe chiganizo chimodzi chimene katswiri mnzanu angatsutse. Chikatuluka, bwererani ku thesisi mukatenge zokhazo zimene chiganizocho chikufuna. Chikakana kutuluka, yesani mutu wina.