Fayilo ya Excel Yowonongeka

Fayilo ya Excel yowonongeka ndi imene pulogalamuyi ikulephera kuiwerenga chifukwa mbali ina ya m'kati mwake yaduka kapena sinalembeke bwino. Nthawi zambiri manambala amakhala akadalimo, ndipo amapulumuka ngati munthu atsatira njira zoyenera asanaisevenso.

Chimene chimaiwononga

Kuyambira pa Excel 2007, fayilo ya .xlsx imakhala phukusi la ZIP lokhala ndi timafayilo tambiri ta XML. Tsamba lililonse lili ndi kafayilo kake, monga `xl/worksheets/sheet1.xml`, pomwe mawu olembedwa m'mabokosi amasungidwa mu `xl/sharedStrings.xml`. Mndandanda wa timafayiloti umakhala kumapeto kwa phukusi, choncho kuseva kapena kukopera kukadukira panjira, fayilo yonse imakana kutseguka.

Mu Blantyre zifukwa zodziwika ndi ziwiri. Choyamba ndi kuzima kwa magetsi pa kompyuta yopanda UPS, vuto limene linakula kwambiri namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Chachiwiri ndi fulashi. Anthu amagwirira ntchito pa fulashi pomwepo, kenako n'kuizula mothamanga kuti akasindikize m'tauni, ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, kompyuta isanamalize kulemba.

Zizindikiro

Uthenga umene umayamba ndi mawu akuti `We found a problem with some content` umasonyeza kuti Excel yawerengako mbali ina, ndiye chiyembekezo chilipo. Wonena kuti `file format or file extension is not valid` umatanthauza kuti phukusi lenilenilo laduka, kapena mapeto a dzina la fayilo ndi olakwika. Ngati kukula kwa fayilo ndi 0 KB, mulibe kanthu m'katimo ndipo palibe pulogalamu imene ingaikonze. Zikatero, chofunika n'kusaka kope ina.

Kukonza

Choyamba ndi kukopera fayiloyo pa kompyuta ndi kugwirira ntchito pa kopeyo, yeniyeniyo osaikhudza. Mu Excel, pitani pa File, Open, Browse, musankhe fayiloyo, mudine kamuvi ka pambali pa Open, kenako Open and Repair. Yambani ndi Repair, chifukwa imayesa kubweza zonse. Ikakanika, sankhani Extract Data, imene imatulutsa manambala kapena mafomula koma imatha kutaya mitundu, matchati ndi makonzedwe ena. Fayilo ikatseguka, isevedwe ndi dzina latsopano.

Makope odziseva okha

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. AutoRecover imasunga kope ya padera pa mphindi 10 zilizonse ngati nthawiyo sinasinthidwe pa File, Options, Save. Makope amenewa amaonekera pa Document Recovery Excel ikatsegulidwanso itazima mwadzidzidzi, komanso pa File, Info, Manage Workbook. Amapezekanso m'mafoda awa:

```
%AppData%\Microsoft\Excel
%LocalAppData%\Microsoft\Office\UnsavedFiles
```

Makopewa sakhalitsa. Munthu akaseva ndi kutseka fayilo bwinobwino amafufutika, ndipo a mafayilo amene sanasevedwepo amasungidwa masiku anayi okha. AutoSave ndi ina, ndipo imagwira pa Microsoft 365 fayilo ikakhala pa OneDrive kapena SharePoint, ndipo makope akale amapezeka pa Version History. Fayilo ya pa fulashi ilibe chitetezo chimenechi.

Chitsanzo

Tiyerekeze kalaliki wa sitolo ya holoselo ku Limbe amene akulemba katundu wolowa ndi wotuluka mu `katundu.xlsx`. Magetsi azima pa 3:25 masana fayilo ikusevedwa. Atayaka, Document Recovery ikuonetsa kope ya 3:18. Kope imeneyo ndiyo yoyenera kutsegula poyamba, popeza ntchito yotayika ndi ya mphindi 7 zokha, ndipo ingalowetsedwenso kuchokera pa malisiti.

Ngati kopeyo palibe ndipo Repair ndi Extract Data zakanika, kalalikiyo aike fayiloyo mu foda ya `C:\Zokonza`, atsegule buku latsopano, n'kulemba fomula iyi m'bokosi la A1:

```
='C:\Zokonza\[katundu.xlsx]Sheet1'!A1
```

Akakokera fomulayi m'mbali ndi m'munsi, zolembedwa m'tsambalo zimatuluka popanda kutsegula fayilo yowonongekayo. Mabokosi opanda kanthu amaonetsa 0, ndipo mafomula akale sabwera, zimabwera ndi zotsatira zake zokha. Pomaliza akopere zonse n'kuziika ndi Paste Special, Values, kuti zisadalirenso fayilo ija. Njirayi imatheka pokhapokha ngati tsambalo likuwerengekabe.

Kutsimikiza ndi kupewa

Fayilo kutseguka sikutanthauza kuti zonse zabwerera. Muyenera kuona mzere womaliza, kuwerenga masamba, kusaka mabokosi oonetsa `#REF!` ndi kuyerekeza chiwonkhetso ndi kaundula wa pamanja. Pofuna kupewa vutoli, tsitsani nthawi ya AutoRecover kufika pa mphindi zitatu, ndipo chongani Always create backup pa Save As, Tools, General Options. Zikatero Excel imasiya kope ya .xlk ya mmene fayilo inalili musanaiseve komaliza. Kopeyi imakhala mu foda yomweyo, choncho fulashi ikawonongeka imatayikira limodzi ndi fayiloyo. N'chifukwa chake ntchito iyenera kuchitikira pa kompyuta, ndipo fulashi ikhale yonyamulira kope basi.