Kalata yokupatsani ntchito

Mukachita bwino pa mayeso a ntchito, bwana amatha kukuimbirani foni n'kunena kuti "mwatengedwa". Koma mawu a pafoni sagwirika. Chogwirika ndi kalata yokupatsani ntchito, imene ambiri timangoti ofa. Tanthauzo lake ndi lakuti olemba ntchito akukufunsirani, ngati mmene zimakhalira paukwati; inu simunavomere mpaka mutasaina.

Kalatayi itchule udindo wanu, kumene mukagwirire, tsiku loyamba, maola a ntchito, masiku a tchuthi, nthawi yokuyesani, komanso notisi yofunika wina akafuna kusiya mnzake.

Pa malipiro ndiye pofunika kuwerenga modekha. Tinene kuti alemba K500,000 pamwezi. Kodi ndi ndalama yolowa m'thumba, kapena msonkho usanachotsedwe? Kawirikawiri amalemba yosachotsera. Ndiye pachoka msonkho wa MRA, pachokanso K25,000 ya penshoni ngati yonseyo ili yowerengera penshoni, poti wantchito amasonkha 5 peresenti pomwe bwana amaikapo 10 peresenti. Ambiri amadzazindikira izi pakutha pa mwezi woyamba, lendi atalonjeza kale.

Kumunsi kwa kalatayo kukhale tsiku lomaliza kuyankha ndi malo osainira mbali zonse ziwiri.