Kuphatikiza zithunzi

Kuphatikiza zithunzi ndi njira yopangira chithunzi chimodzi kuchokera ku zithunzi ziwiri kapena zambiri zomwe zinajambulidwa padera. Njirayi inatchuka ku Britain m'zaka za m'ma 1850, ndipo inabutsa mkangano womwe ulipo mpaka lero: kodi chithunzi cha kamera ndi umboni wa zomwe zinachitika, kapena ndi luso lomwe mwini wake angalikonze monga afunira?

Chiyambi

Pa nthawiyo ojambula ankagwiritsa ntchito magalasi opakidwa mankhwala otchedwa kolodiyoni, njira yomwe Frederick Scott Archer anafalitsa mu 1851. Mankhwalawa ankagwira msanga kuwala kwa mtundu wa buluu. Choncho wojambula akatsegula kamera nthawi yokwanira kuti mitengo ndi anthu zioneke bwino, kumwamba kunkatuluka koyera mbee, kopanda mitambo. Pofuna kuthana ndi vutoli, ojambula anayamba kujambula mitambo pa galasi lina, kenako n'kuphatikiza magalasi awiriwo pa pepala limodzi.

Ena anaona kuti njira yomweyo ingawathandize kupanga nkhani yathunthu. Mu 1857, Oscar Rejlander anaonetsa ku Manchester chithunzi chotchedwa The Two Ways of Life, chomwe anachipanga ndi manegetivu oposa 30. Mfumukazi Victoria inagula kope limodzi la chithunzicho.

Kapangidwe kake

Wojambula ankayamba ndi kulemba pa pepala malo omwe munthu aliyense adzakhale. Kenako ankajambula munthu kapena kagulu kalikonse pa negetivu yakeyake. Pa negetivu iliyonse ankaphimba mbali zosafunika ndi utoto kapena pepala lakuda. Akatero ankaika negetivu yoyamba pa pepala losindikizira n'kuiyanika padzuwa, mbali zina za pepalalo zili zophimbidwa, ndipo ankabwereza mpaka manegetivu onse atatha.

Kulakwitsa pang'ono kunkaonekera. Polumikizana zidutswa pankatha kutsala kamzere koyera kapena kakuda, mithunzi inkatha kuloza mbali zosiyana, ndipo munthu wakumbuyo ankatha kuoneka wamkulu kuposa mmene mtunda wake ukulolera. Zizindikiro zoterezi zimathandizabe kuzindikira chithunzi chosinthidwa pa kompyuta.

Chithunzi cha Fading Away

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Fading Away, chomwe Henry Peach Robinson anapanga mu 1858 ndi manegetivu asanu. Chimaonetsa mtsikana wodwala mwakayakaya atagonekedwa pa mapilo, amayi awiri ali pambali pake, ndipo bambo wina wafulatira, akuyang'ana kunja pa zenera. Palibe amene ankadwala. Mtsikanayo anali wathanzi, ndipo onsewo ankangochita monga m'sewero.

Ena anadandaula kuti chisoni cha banja si chinthu choyenera kuchijambula ndi kamera, ngakhale kuti akatswiri ojambula ndi utoto ankajambula imfa kawirikawiri popanda wowadzudzula. Kusiyanaku kunabwera chifukwa anthu ankakhulupirira kuti chilichonse chomwe kamera yajambula chinachitikadi. Mphamvu ya chithunzicho yokhudza mtima inkadalira chikhulupiriro chomwecho.

Mbali ziwiri za mkanganowu

M'buku lake la mu 1869, Pictorial Effect in Photography, Robinson anaphunzitsa kuti wojambula ali ndi ufulu wosanja ndi kusakaniza zinthu kuti chithunzi chikongole. Peter Henry Emerson anatsutsa maganizowa m'buku la mu 1889, Naturalistic Photography. Iye ankafuna kuti anthu enieni azijambulidwa m'malo awo enieni, monga momwe iye anajambulira asodzi ndi alimi a kum'mawa kwa England.

Komabe ngakhale okana kuphatikiza sankasiya chithunzi mmene chatulukira mu kamera. Ansel Adams, mmodzi mwa omwe anayambitsa gulu la Group f/64 ku California mu 1932, ankadetsa mbali zina ndi kuwalitsa zina posindikiza zithunzi zake. Motero funso silinali lakuti chithunzi chikonzedwe kapena ayi, koma kuti chikonzedwe mpaka pati.

Pa utolankhani

Masiku ano malire amadalira zomwe woonera wauzidwa. M'nyumba zoonetsera luso, zithunzi zochita kukonza, monga za Jeff Wall ndi Cindy Sherman, zimalandiridwa chifukwa palibe amene akunamizidwa. M'nyuzipepala, chithunzi chimatengedwa ngati umboni.

Mu 2003, pa nkhondo ya ku Iraq, Brian Walski wa nyuzipepala ya Los Angeles Times anaphatikiza pa kompyuta zithunzi ziwiri zomwe anajambula motsatizana pafupi ndi Basra. Anatenga msilikali wa ku Britain pa chithunzi chimodzi, ndi bambo wonyamula mwana pa chinacho. Zinadziwika chifukwa anthu ena okhala pansi kumbuyo ankaoneka kawiri, ndipo Walski anachotsedwa ntchito. Iye anaphatikiza zithunzi zochepa kuposa za Robinson, koma chake chinaperekedwa kwa owerenga monga chinthu chomwe chinachitika pa mphindi imodzi.