Kodi walanti ndi chiyani?

Ambiri akamva mawu akuti walanti amaganiza kuti katundu akangowonongeka, kampani iwapatsa watsopano. Sichoncho ayi. Walanti ndi lonjezo la amene anapanga chinthucho lakuti achikonza, kapena achisintha, ngati chafa chifukwa cha kulakwika kwa kapangidwe mkati mwa nthawi yolembedwa, mwina miyezi 12. Taganizirani pampu ya madzi yoyendera sola. Mota ikapsa yokha mutaigwiritsa ntchito moyenera, umenewo ndi mlandu wa kampani. Koma ikapsa chifukwa inkazungulira m'chitsime chouma, kapena yaombedwa ndi mphezi, kapenanso mmisiri wapamsika anaitsegula, lonjezolo limagwa. Wina anganene kuti uku ndi kuzemba chabe. Nthawi zina amazembadi, komabe kampani singasenze mlandu wa zomwe sinathe kuziletsa. Cholakwa chenicheni ndi cha wogulitsa amene sanena zimenezi ndalama zisanaperekedwe.

Choncho pampu ikafa, musaimasule. Tengani lisiti ndi khadi la walanti, onani kuti nambala ya pampu ikufanana ndi yolembedwapo, ndipo dziwitsani wogulitsa musanaitumize. Funsaninso lero lomwe kuti adzalipira mayendedwe ndani.