Kudula kapena kusungunula: kalumikizidwe ka zithunzi m'mavidiyo a malilo ndi maukwati

Ojambula mavidiyo a maukwati, cilanga mulilo ndi malilo m'makomboni a Matero, Kanyama ndi Chawama mu Lusaka ali ndi njila zambili zolumikizila zithunzi pa kompyuta ndi pa foni. Zina zimapindika ngati pepala la buku, zina zimathwanima ngati nyenyezi. Koma pa nkhani za pa wailesi ya kanema, monga za ZNBC, nthawi zambili cithunzi cimangotha pomwepo, cina n'kuyamba. Kumeneku ndiko kudula.

Kusungunula n'kosiyana. Cithunzi coyamba cimazimilila pang'onopang'ono pamene caciwili cikuonekela, ndipo kwa kanthawi zonse ziwili zimaoneka pamodzi. Oonelela anazolowela kumva kuti zikatelo ndiye kuti papita nthawi. Conco, amene asungunula pakati pa zinthu zocitika nthawi imodzi amauza oonelela zimene sizinacitike.

Citsanzo ndi vidiyo ya malilo a ku Matero amene maikidwe ake ali ku manda a Chingwere. M'chalichi, mkulu wa banja wafotokoza mbili ya malemu kwa mphindi 10, koma m'vidiyo mufunika mphindi ziwili cabe. Kamela inali imodzi ndipo sinasunthe. Mkonzi akacotsa mau a pakati n'kulumikiza zotsala, mutu wa mkuluyo umaoneka ngati walumpha. Ambili amabisa kulumphako ndi Cross Dissolve, koma zotsatila zake zimaipa koposa: munthu mmodzi amaoneka ndi mitu iwili ndi maso anai, pa nthawi imene banja lifuna kumuona mwaulemu.

Njila yabwino ndiyo kusiya mau a mkuluyo akumveka, koma pa malo olumikizilawo n'kuikapo cithunzi cina ca masekondi atatu, monga azimai a kwaya atakhala cete kapena nkhata za maluwa. Kamela ikabwelela kwa wolankhula, palibe amene amazindikila kuti mutu wasuntha. Ngati pa mfundopo pamveka kaphokoso, mau okha ndiwo amasungunulidwa pang'ono, kwa mafulemu awili kapena anai. Izi zimatheka kokha ngati wojambula anakumbukila kutenga zithunzi zotele tsiku lomwelo, ciliconse ca masekondi 10. Amene amaloza kamela kwa olankhula okha, tsiku lonse, amadzimana yekha pothawila.

Pa vidiyo yomweyo pali malo amene kusungunula kumayenela, pakati pa azibambo akuotha moto usiku pa nyumba ya malilo ndi m'mawa anthu akulowa m'chalichi. Apa usiku wonse wapitadi. Koma pakati pa chalichi ndi Chingwere, cithunzi ca magalimoto akunyamuka cimafotokoza kale za ulendowo, ndipo kudula n'kokwanila.

Kusungunula kumadyanso zithunzi. Wailesi ya kanema mu Zambia imayenda pa mafulemu 25 pa sekondi iliyonse. Kusungunula kwa sekondi imodzi, koikidwa pakati pa mfundo, kumafuna mafulemu 12 kapena 13 osungidwa kumapeto kwa cithunzi coyamba, ndi ena otelo kuciyambi kwa caciwili. Akasowa, pulogalamu ya Premiere Pro imacenjeza ndi mau akuti Insufficient media ndipo imabweleza fulemu imodzi, cithunzi n'kuoneka ngati cauma. Nthawi zina mafulemuwo amakhalapo koma ndi a pamene kamela inali kugwedezeka, ndipo oonelela amaona nsapato kapena fumbi kwa kanthawi.

Pa ukwati, pamene a pa mzele akuvina, kudula kumafunika kugwela pa kugunda kwa ng'oma. Kusungunula kulibe mphindi imodzi yodziwika, motelo kumafooketsa gule. Vidiyo ikatumizidwanso pa WhatsApp, imene imacepetsa kukula kwake, malo osungunulidwa ndi ozungulila ndiwo amafulumila kusweka m'timabokosi, popeza mbali zonse za cithunzi zimakhala zikusintha nthawi imodzi.

Kuti kalumikizidwe kakhale kofanana, mkonzi amasankha lamulo asanayambe nchito: kudula pa zonse zocitika nthawi imodzi, kusungunula pamene papita maola, ndi kuzimilila mu mdima kumapeto kokha. Utali wa kusungunula umaikidwa kamodzi mu pulogalamu kuti usakhale theka la sekondi apa ndi masekondi atatu apo. Ngati anthu awili agawana nchito, wina za m'chalichi wina za ku manda, onse amatsatila lamulo limodzilo.

Vidiyo ikatha, mkonzi amawelenga malo onse osungunulidwa n'kuyelekeza ndi nthawi zimene tsiku kapena ola linasinthadi. Pa malilo a masiku atatu, malo anai kapena asanu ndi okwanila. Akapezeka 30, ambili a iwo akubisa mfundo zimene zinafunika cithunzi ca kwaya kapena ca maluwa.