Alowam'malo a Chingerezi: He and I went kapena me and him went?

M'Chingerezi, mlowam'malo wa dzina amasintha maonekedwe malinga ndi ntchito yomwe akugwira m'chiganizo. Akakhala mwininkhani, kutanthauza wochita ntchito, amalembedwa I, he, she, we kapena they. Akakhala pamtherankhani, kutanthauza wochitiridwa, kapenanso akatsatira mperekezi monga to, with ndi between, amasanduka me, him, her, us kapena them. Alowam'malo awiri, you ndi it, sasintha.

Chichewa sichitero. Mawu akuti ine ndi iye amakhala chimodzimodzi paliponse, chifukwa ntchito yosonyeza wochita ndi wochitiridwa imagwiridwa m'kati mwa mneni. Mu "ndinamuona", ndi- ali koyambirira ndipo ndiye woona, pamene -mu- ndiye woonedwa. Mu "anandiona", -ndi- walowa m'kati ndipo tsopano ndiye woonedwa. Chiyao, chomwe ambiri ku Mangochi amayankhula kunyumba, chimachitanso zofanana. Choncho mwana wa ku Namwera kapena kwa Makanjira akamaphunzira Chingerezi amakumana ndi lamulo lomwe zinenero zake zonse ziwiri zilibe.

Mlowam'malo akakhala yekha, vuto silichuluka, pakuti ndi ochepa amene angalembe "Me went". Chisokonezo chimabwera anthu awiri akalumikizidwa ndi and. Tiyerekeze kuti wophunzira wa Fomu 4 walemba chimangirizo cha ulendo wake ndi mnzake motere: "Me and him went to Monkey Bay. A fisherman gave he and I some usipa."

Njira yoyesera ndi yapafupi: chotsani munthu mmodzi, muwerenge chiganizo ndi wotsalayo. M'chiganizo choyamba mupeza "Me went" ndi "Him went", ndipo khutu likana zonse ziwiri. Zoyenera ndi "I went" ndi "He went". Mukawabweza pamodzi, chiganizo chikhala "He and I went to Monkey Bay."

Chiganizo chachiwiri chili ndi cholakwa chotembenuka. Wopereka usipa ndi msodzi, ndipo anyamata awiriwo ndi olandira. Mukachotsa mmodzi mupeza "gave he" ndi "gave I", zomwe sizimveka. Choyenera ndi "A fisherman gave him and me some usipa." Cholakwa ichi chimagwira kwambiri anthu ophunzira. Atadzudzulidwa kawirikawiri pa "me and him went", amayamba kuganiza kuti "and I" ndi yaulemu paliponse, mpaka kuiika pomwe siyenera. Kuthawa mvula n'kugwera m'nyanja.

Pambuyo pa between, njira yochotsa munthu siithandiza, chifukwa mperekeziyu amafuna anthu awiri. Apa ikani mlowam'malo mmodzi woimira onse. Timati "between us", osati "between we". Popeza us ali m'gulu la me ndi him, choyenera ndi "between you and me".

Nkhani ya yemwe ayambe kutchulidwa ndi ina. M'Chichewa timati "ine ndi iye" popanda wotiona ngati odzikonda, ndipo ndondomeko imeneyi ndiyo imakokera wophunzira ku "me and him". M'Chingerezi cholembedwa, woyankhula amadzitchula pomaliza. Uwu ndi mwambo waulemu chabe: "I and he went" sichiswa lamulo la mwininkhani, koma chimamveka chachilendo.

Lamuloli lili ndi malire ake. Eni chinenero ambiri amati "Me and him went" pocheza, ndipo amene amalandira alendo ku Cape Maclear kapena ku Nkopola amamva zimenezi m'kamwa mwa Angerezi enieni. Kumeneko si kusadziwa chinenero. Ndi kayankhulidwe ka pamacheza, kosiyana ndi ka polemba. Momwemonso, wogogoda pakhomo amayankha "It's me", pamene "It is I" imamveka yachikale. Pambuyo pa than, "taller than me" ndi yofala pocheza, koma wolemba mosamala angathawe mkangano polemba "taller than I am". Kukhwimitsa malamulo otere kunakula m'zaka za m'ma 1700, pamene mabuku a galamala, monga la Robert Lowth la 1762, anafala m'sukulu.

Kwa wophunzira wa ku Malawi, kusiyanitsa ziwirizi kuli ndi mtengo wake. Satifiketi ya MSCE, yomwe bungwe la MANEB limapereka, imafuna kuti munthu akhoze maphunziro 6, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala chimodzi mwa iwo. Wochonga mayeso, monganso wowerenga kalata yofunsira ntchito, amayembekezera Chingerezi cholembedwa. Pagombe, "me and him went" imveka bwinobwino. Papepala, lembani "he and I went".